K45,000 Yalowera Kuti? Funso Lomwe Limagwetsa Ofuna Ntchito ya Uakauntanti

Moni watha, mayina atchulidwa, masatifiketi ayalidwa patebulo. Wofuna ntchito wakhala kutsogolo kwa mpando, manja ali pamaondo, akudikira funso lomwe analiloweza usiku wathawu. M'malo mwa funsolo, mmodzi wa mabwana atatu omwe akhala tsidya lina la tebulo akumukankhira mapepala awiri, pensulo ndi kalikyuleta.

"Achemwali, buku lathu likuti ku banki tili ndi K4,850,000. A banki akuti tili ndi K5,256,500. Tiuzeni, wolakwa ndani?"

Umu ndi momwe intavyu ya akauntanti imakhalira ikafika pachimake. Mawu amasiyana malinga ndi ofesi, kaya ndi kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe, bungwe lothandiza anthu ku Lilongwe kapena sukulu ya mpingo ku Mzuzu, koma chomwe ofunsawo akufuna kuona n'chimodzi: munthuyu amatani manambala akakana kugwirizana? Satifiketi ya ICAM kapena ya ACCA imangosonyeza kuti anakhoza mayeso. Siinena ngati munthuyo adzafufuza ndalama yosowa mpaka aipeze, kapena adzangoikwirira kuti aweruke msanga.

Yankho loyamba lomwe ofunsa amayembekezera n'lakuti mwina palibe wolakwa. Buku la ndalama la kampani, lomwe a mu ofesi amalitcha kashibuku, limalembedwa tsiku lomwe kampani yalandira kapena yalipira. Sitetimenti ya ku banki imalembedwa tsiku lomwe ndalamayo yadutsadi ku banki. Masiku awiriwa sakhala amodzi nthawi zonse. Komanso pali zina zomwe banki imadziwa kampani isanamve, ndi zina zomwe kampani imadziwa banki isanaone. Ntchito yoyanjanitsa mabuku awiriwa, yomwe dzina lake lodziwika ndi rikonsilieshoni, ndiyo kufotokoza kusiyanako tambala ndi tambala mpaka pasatsale chosadziwika.

Manambala ali pamwambawa ndi achitsanzo, koma ali ngati omwe amaikidwadi pa pepala la intavyu. Kusiyana kwake ndi K406,500. Wofunsidwa wodziwa ntchito sayamba n'kuganizira nambala imeneyi. Amatenga pensulo n'kuyamba kuchonga: ndalama iliyonse yomwe ili m'kashibuku amaifunafuna pa sitetimenti, akaipeza amachonga mbali zonse ziwiri. Zomwe zatsala zosachongedwa ndizo nkhani yonse.

Pa sitetimenti patsala zinthu ziwiri zomwe m'buku mulibe. Banki yadula K18,500 ya machaji a mweziwo. Kasitomala wina watumiza K300,000 mwachindunji ku akaunti ya kampani osauza aliyense, monga amachitira ambiri masiku ano potumiza pafoni. Izi ndi ndalama zomwe zalowadi ndi kutulukadi, choncho malo ake ndi m'kashibuku. Akachotsa machajiwo n'kuwonjezera ya kasitomalayo, buku likusonyeza K5,131,500.

M'kashibuku namonso mwatsala zinthu ziwiri zomwe banki sinazione. Pa 28 Juni kampani inalembera wogulitsa katundu cheke cha K620,000, koma mwini wakeyo sanapite nacho ku banki. Pa 30 Juni madzulo wantchito anakasiya ku banki K450,000 ya malonda a tsikulo, koma inaoneka pa akaunti pa 1 Julaye. Apa m'pomwe ambiri amapunthwa, chifukwa amafuna kukonzanso buku. Buku silinalakwe pa ziwirizi. Banki ndiyo ili m'mbuyo, ndipo idzafika yokha masiku akubwerawa. Choncho zimalembedwa pa pepala la rikonsilieshoni lokha: pa K5,256,500 ya banki achotsepo chekecho, awonjezerepo ya madzulo ija, n'kupeza K5,086,500. Macheke akunka nachepa m'maofesi ambiri, koma funso la cheke silichoka pa pepala la intavyu, chifukwa ndilo limasonyeza msanga ngati munthu akudziwa mbali yoyenera kukonza.

Tsopano buku likuti K5,131,500, banki ikuti K5,086,500. Patsala K45,000 yopanda mwini. Ofunsawo anaiika dala, ndipo nthawi imeneyi amasiya kulemba n'kumayang'ana nkhope ya wofunsidwayo.

Pali njira zomwe akauntanti aliyense wodutsa m'ntchito amazidziwa, ndipo ndi zosavuta kuziphunzira. Yoyamba ndi kufunafuna nambala yomweyo, K45,000, m'mabuku onse awiri, poti mwina ndi ndalama imodzi yomwe yaiwalika kapena yalembedwa kawiri. Yachiwiri ndi kugawa kusiyanako pawiri. Ngati munthu analemba ndalama yotuluka kumbali ya zolowa, kulakwako kumaoneka kowirikiza, chifukwa yasowa kumene imafunika komanso yawonjezeka kumene siimafunika. Ndiye kuti wofufuzayo ayang'ane K22,500. Ikapanda kupezeka, ayese njira yachitatu, yomwe ndi kugawa ndi 9.

Njira ya 9 imeneyi imadabwitsa anthu ambiri akaiona koyamba. Munthu akasemphanitsa manambala awiri oyandikana, kusiyana komwe kumatsatira kumagawika ndi 9 popanda chotsala, nthawi zonse. Wolemba 45 m'malo mwa 54 walakwitsa ndi 9. Wolemba 18 m'malo mwa 81 walakwitsa ndi 63, yomwe ndi 9 kuchulukitsa ka 7. Chifukwa chake n'chakuti nambala ikasuntha malo amodzi mphamvu yake imakula kakhumi, ndipo khumi kuchotsapo imodzi ndi 9. Pa chitsanzo chathu, K45,000 kugawa ndi 9 ikutuluka 5,000 ndendende. Yankho limeneli likunena zinthu ziwiri. 5 akutanthauza kuti manambala osemphanawo akusiyana ndi 5, monga 2 ndi 7, 3 ndi 8 kapena 1 ndi 6. Maziro atatuwo akutanthauza kuti kusemphanako kwachitikira pa malo a masauzande. Wofunsidwayo akabwerera m'mapepala ali ndi chidziwitso chimenechi, sachedwa kupeza kuti ndalama yolipirira mafuta a galimoto, yomwe banki inatulutsa K372,000, m'buku inalembedwa K327,000. Pochonga paja diso linaona 3, 7 ndi 2 mbali zonse ziwiri n'kukhulupirira kuti ndi nambala imodzi. Akakonza buku pochotsamo K45,000, mbali zonse ziwiri zikufika pa K5,086,500.

Wofunsidwa wochenjera amawonjezera kuti 9 sagwira kusemphanitsa kokha. Ziro akasowa kapena akawonjezeka, kusiyanako kumagawikanso ndi 9: K50,000 yolembedwa K5,000 ikanasiyanso K45,000 yomweyo. Pa kompyuta, munthu amene waika kusiyanako m'kabokosi ka A1 mu Excel akhoza kuyesa chonchi:

```
=MOD(A1,9)
```

Yankho likakhala 0, ndi chizindikiro choti ayambire kufufuza kumeneko. Si umboni ayi, chifukwa nambala imodzi mwa zisanu ndi zinayi zilizonse imagawika ndi 9 ngakhale palibe chasemphana, ndipo kusiyana kwina kumakhala kwa zolakwika ziwiri kapena zitatu zitaphatikizana.

Pali yankho limodzi lomwe limathetsa intavyu pomwepo, ngakhale ofunsawo apitirize kumwetulira. Ndi lakuti, "Ndalamayi ndi yochepa, bwana, tingoilemba ngati machaji a banki kuti zigwirizane." Munthu woyankha chonchi wadziulula kuti akapanikizika amapeka nambala. Choopsa china n'chakuti kusiyana kochepa sikutanthauza cholakwa chochepa. K45,000 ikhoza kukhala K2,045,000 yosowa mbali imodzi ndi K2,000,000 yosowa mbali inayo, zitaphimbirana.

Kuchokera apa ofunsa ambiri amalowera ku funso la tirayo balansi, mndandanda womwe umasonkhanitsa maakaunti onse kuti aone ngati mbali ya debiti ikufanana ndi ya kirediti. Njira yolemba ndalama iliyonse mbali ziwiri ndi yakale. Luca Pacioli, wansembe wa ku Italiya, anaifotokoza m'buku lake lomwe linasindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494, ndipo ndi yomweyo ikugwira ntchito m'makompyuta a lero. Funso limakhala lakuti, "Mbali ziwirizi zikafanana, ndiye kuti mabuku ali bwino?" Yankho ndi ayi, ndipo ofunsa amafuna zitsanzo. Invoisi yomwe yagwera kuseri kwa kabati osalembedwa konse siisokoneza mbali iliyonse. Ndalama ya kasitomala wina ikalembedwa pa dzina la mnzake, chiwerengero chonse chimakhala bwino, koma wolipirayo adzalandira kalata yomukumbutsa ngongole yomwe anabweza kale. Kompyuta yatsopano ikalembedwa ngati ndalama yokonzetsera zipangizo, mbali zimafanana, koma phindu la chaka limaoneka lochepa ndipo katundu wa kampani amaoneka wochepa. Zolakwa zotere zimagwidwa poyerekeza mabuku ndi umboni wochokera kunja, monga sitetimenti ya banki, sitetimenti ya wogulitsa katundu, kapena kuwerenga katundu m'sitolo ndi manja.

Mmodzi wa ofunsawo, kawirikawiri amene wakhala chete nthawi yonseyi, amabwereranso ku K450,000 ya madzulo ija. "Nanga mukanapeza kuti pa 10 Julaye sinaonekebe ku banki, mukanatani?"

Funsoli lasiya masamu, lalowa m'nkhani ya chitetezo cha ndalama. Ndalama yosiyidwa ku banki imaoneka tsiku lomwelo kapena lotsatira logwira ntchito. Ikakhala pa pepala la rikonsilieshoni sabata yathunthu, ndiye kuti mwina sinafike ku banki n'komwe. Pali kabedwe kodziwika bwino pakati pa maodita: wolandira ndalama amatenga ya kasitomala woyamba n'kudya, ya wachiwiri ikabwera n'kutsekera dzenje la woyambayo, ya wachitatu n'kutsekera la wachiwiri. Mabuku amaoneka abwino, kungoti ndalama iliyonse imachedwa kufika. Zizindikiro zake ndi masiku a pa malisiti omwe akutalikirana ndi masiku a ku banki, makasitomala odandaula kuti analipira kale, komanso wantchito amene safuna kupita ku tchuthi ngakhale patatha zaka. Munthu wotere amaoneka wakhama pamaso pa abwana, pomwe chomusunga pampando ndi mantha akuti womulowera m'malo adzaona dzenjelo. Choncho yankho labwino limatchula masitepe enieni: kutenga silipi ya ku banki yokhala ndi chidindo, kuifananitsa ndi malisiti a tsikulo, kufunsa a banki, kenako kudziwitsa mkulu woyang'anira ndalama. Kukafunsa yekha woganiziridwayo asanauze aliyense ndi kumupatsa mpata wotaya mapepala.

Chimodzimodzi cheke chomwe chakhala miyezi isanu ndi umodzi osapita ku banki. Chatha mphamvu, ndipo chiyenera kubwezedwa m'buku, ngongole ya wogulitsayo n'kuonekanso kuti ikadalipo.

Mzati wa chitetezo chonse ndi kugawana ntchito. Wopempha kugula katundu asakhale wovomereza. Wovomereza asakhale wolipira. Wogwira ndalama asakhale wolemba mabuku, ndipo wolemba mabuku asakhale yekha woyanjanitsa ndi banki popanda wina wounika n'kusaina. Ndalama isanatuluke, mapepala atatu ayenera kugwirizana: oda yomwe kampani inapereka, chikalata chosonyeza kuti katundu walandiridwa m'sitolo, ndi invoisi ya wogulitsa. Oda ikanena matumba 200 a simenti, a m'sitolo atalandira 180, invoisi n'kunena 200, vaucha siyenera kusainidwa.

Mmalawi aliyense amene anali wamkulu mu 2013 anaona zomwe zimachitika mapepala atatuwa akasiya kufunsidwa. Pa nkhani ya Cashgate, ndalama za boma zinalipiridwa kudzera mu makina a IFMIS ku makampani omwe sanapereke katundu aliyense kapena kugwira ntchito iliyonse, ndipo zolembedwa zina zinafufutidwa m'makinamo. Kampani ya maodita ya ku Britain, Baker Tilly, inanena mu lipoti lake loyamba la mu 2014 kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Cheke cholipiridwa ndi banki chomwe m'mabuku mulibe ndi chinthu chomwe rikonsilieshoni yochitika pa nthawi yake imachionetsa poyera. Wofunsidwa amene angathe kulumikiza nkhaniyi ndi pepala lomwe lili patsogolo pake wasonyeza kuti akumvetsa chifukwa chomwe ntchito yochongachonga ija imachitikira.

Komabe ofesi zambiri m'Malawi muno zilibe antchito okwanira kugawana ntchito zonsezi. Chipatala chaching'ono cha mpingo kapena kampani ya banja imakhala ndi akauntanti mmodzi ndi kashiya mmodzi, basi. Ofunsa odziwa amafunsa dala kuti, "Kuno tilipo awiri okha, ndiye tigawana bwanji?" Kubwereza za m'buku apa sikuthandiza. Chofunika ndi kusonyeza momwe mwini kampani kapena mkulu wa bungwe angatsekere mpatawo: iye mwini aziona sitetimenti kuchokera ku banki mwachindunji isanadutse m'manja mwa akauntanti, ndalama iliyonse yotuluka ivomerezedwe ndi anthu awiri, ndalama ya m'kabokosi iziwerengedwa modzidzimutsa, ndipo zolowa pa Airtel Money ndi Mpamba ziziyanjanitsidwa ndi malisiti monga momwe amachitira ndi akaunti ya banki. Palinso msampha wina womwe wafala ndi makalata a pa intaneti: uthenga wooneka ngati wochokera kwa wogulitsa katundu wodziwika, wonena kuti asintha akaunti ya banki. Yankho loyenera ndi kuimbira wogulitsayo pa nambala yakale yomwe ili m'fayilo, osati nambala yomwe yabwera ndi uthengawo.

Za nthawi, ofunsa safuna kumva kuti munthu ndi wolimbikira ntchito, poti aliyense amanena zomwezo. Amafuna kumva masiku. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, wa PAYE, uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Wa VAT ndi pofika pa 25 mwezi wotsatira. Kuchedwa kumabweretsa chilango ndi chiwongoladzanja, ndipo ndalama imeneyo ndi yotayika chabe. Ndiye funso likabwera lakuti, "Lero ndi pa 13, msonkho wa antchito sunakonzedwe, abwana akufuna lipoti la mwezi mawa m'mawa, ndipo rikonsilieshoni yatsala ndi K45,000 ija, muyamba chiyani?", dongosolo lake ndi lomveka. Tsiku la lamulo silisuntha, choncho msonkho ndiwo woyamba. Tsiku la abwana likhoza kukambidwa, koma kukambiranako kuchitike lero masana, osati mawa nthawi ya msonkhano itakwana. Lipoti likhoza kuperekedwa litalembedwa poyera kuti pali K45,000 yomwe ikufufuzidwa, ndi tsiku lomwe kufufuzako kudzathe.

Apa ndi pomwe akaunti ya saspensi imatchulidwa. Iyi ndi akaunti yosungiramo kwa kanthawi ndalama yomwe mwini wake sanadziwike, monga K300,000 ija ikanakhala kuti inabwera yopanda dzina la wotumiza. Kuigwiritsa ntchito si kulakwa, malinga ngati chilichonse cholowamo chili ndi tsiku, chifukwa chake ndi munthu wochitsatira. Kulakwa ndi kuisandutsa dzala. Odita akapeza saspensi yomwe yakhala ikukula mwezi ndi mwezi, amadziwa kuti mu ofesimo anthu anasiya kufufuza.

Funso lomaliza, lomwe ambiri amaliopa, limakhudza munthu mwini wake: "Tiuzeni za tsiku lomwe munalakwitsa nambala lipoti litapita kale." Ena amayankha kuti sanalakwitsepo, ndipo palibe amene amawakhulupirira, chifukwa aliyense wa ofunsawo anasemphanitsapo 7 ndi 2 tsiku lina. Yankho lomwe limamveka limakhala ndi zinthu zenizeni: cholakwacho chinali chiyani, chinali cha ndalama zingati, anachigwira bwanji, anauza ndani ndipo patapita nthawi yotani, anachikonza ndi jenala yosainidwa ndi mkulu wake, ndipo anasintha chiyani pa kagwiridwe ka ntchito kuti chisabwerenso. Mabuku a ndalama sakonzedwa mwa kufufuta. Cholakwa chimasiyidwa kuti chioneke, chokonzacho n'kulembedwa pambuyo pake ndi chifukwa chake, kuti wobwera m'tsogolo athe kutsatira. Wofunsidwayo asamalenso kuti pofotokoza asatchule dzina la kampani yomwe ankagwirako kapena zinsinsi zake, chifukwa ofunsawo akumvetsera ngati angadzasunge zawo.

Amene wangomaliza kumene maphunziro ndipo sanagwirepo ntchito mu ofesi sayenera kupeka nkhani. Ngati anasungapo ndalama za banki m'khonde, za kwaya kapena za golosale ya amalume ake, ali nacho chitsanzo choona, ndipo ofunsa amachilandira bwino kuposa nthano yokometsa.

Ndipo pokonzekera, palibe chifukwa chodikira pepala la kampani. Wofuna ntchitoyi alembe m'kope ndalama zonse zomwe walandira ndi kugwiritsa ntchito mwezi umodzi, kenako atenge sitetimenti ya akaunti yake ya ku banki kapena ya pafoni n'kuyanjanitsa ziwirizo ndi pensulo mpaka pasatsale tambala yosafotokozeka. Achite zimenezi miyezi iwiri kapena itatu intavyu isanafike, ndipo tsikulo atenge kalikyuleta yakeyake yomwe zala zake zinaizolowera.